Mbuzi imene inapita chifukwa cha chiganizo chimodzi

Azakhali anga anagulitsa mbuzi yaikazi, yabere ndithu, chifukwa cha chiganizo chimodzi cha Chingerezi. Akulera mdzukulu amene ali pa sukulu ina ya sekondale yogonera komweko. Tchuthi cha Khirisimasi chili mkati, pa gulu la makolo la WhatsApp panagwa uthenga wochokera ku ofesi ya sukuluyo. Iwo anali ndi ngongole ya fizi ya teremu yapitayo. Atawerenga, m'mawa mwake anaitana venda wa mbuzi, nayenso ataona kuti mayiwa ali pa changu anawadyera masuku pamutu.

Musaganize kuti azakhaliwo ndi munthu wosaphunzira. Anafika Fomu 2 m'masiku amene Fomu 2 inali Fomu 2, nyuzipepala ya Chingerezi amawerenga, ndipo ku banki amadzilembera okha mafomu. Nditapita kukawaona ananditambasulira foni, nati: "Taona wekha mwanangu, akuti mwana salowa." Uthengawo unali uwu, ndipo ndaukopera monga unalili:

"Parents and guardians are hereby informed that students who have not cleared the balance of their boarding fees, which was due at the end of last term, shall not be admitted to the hostel on opening day, 6 January, unless a payment plan, which must be signed by the bursar, has been submitted not later than three days before the said date."

Chingerezi chake chilibe vuto. Mphunzitsi aliyense akhoza kuchichonga. Koma ndi mawu 62 opanda mpumiro ngakhale umodzi pakati, ndipo nkhani imene azakhali ankaifuna, yoti sukulu imalola kulipira pang'onopang'ono ngati mwagwirizana ndi msungichuma, inabisala kumchira. "Azakhali," ndinatero, "pansipa akuti mukadatha kungokalemberana nawo ndondomeko ya malipiro." Anandiyang'ana nthawi yaitali osayankha.

Tiyeni tichione bwino chiganizochi, chifukwa matenda ake ndi omwewo amene ali m'makalata a lendi, a ngongole, a ku chipatala ndi a ntchito. Amene anaphunzira Chichewa kusukulu akukumbukira mwininkhani ndi mneni: amene nkhani ikukamba za iye, ndi chimene chikumuchitikira. Mwininkhani weniweni pano ndi ana asukulu, ndipo akutchulidwa pa liwu la nambala 8. Mneni wawo, woti sadzaloledwa, akuyamba pa liwu la nambala 28. Pakati pa awiriwa pali mawu 19, nthambi ziwiri zosaima pazokha, ina itaberekedwa kumsana kwa inzake. Wowerenga akuyenera kuwasunga anawo m'mutu mtunda wonsewo, ngati munthu wosenza mtsuko wodzadza amene akumuimitsa panjira n'kumamufotokozera nkhani zina.

Munthu amene anayamwira Chingerezi mtolowu saumva kulemera kwenikweni. Mawu ngati hereby kapena balance amangowadutsa osaganiza, choncho mutu wake umatsala ndi malo osungira mwininkhani uja. Ambiri a ife tinayamba kuphunzira maphunziro onse m'Chingerezi tili kale mu Sitandade 5, ndipo kunyumba tinkabwerera ku chiyankhulo chathu. Tikamawerenga kalata yovuta timagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: kumasulira liwu lililonse, ndi kukumbukira pamene chiganizo chikulowera. Ikachuluka ntchito yoyambayo, yachiwiriyo imatayika. Ndiye wowerenga amagwira chimene chamveka bwino n'kusiya zinazo. Kwa azakhali chomveka chinali chakuti mwana saloledwa. Mtima utagunda pamenepo, liwu lakuti unless, limene lili pa nambala 40, analidutsa maso okha.

Pali chinanso chimene olemba Chingerezi ambiri sachidziwa chifukwa sanachiganizirepo: Chichewa chimamuthandiza wowerenga m'njira imene Chingerezi sichichita. Ndikati "ndaona mbuzi ya mwana imene ikulira", mukudziwa kuti ikulira ndi mbuzi. Ndikati "ndaona mbuzi ya mwana amene akulira", wolira ndi mwana. Agwirizanitsi athu, a *i-*, *a-*, *chi-*, *zi-*, ali ngati chingwe chomangirira nthambi iliyonse ku dzina lake, n'chifukwa chake mkulu wa pabwalo akhoza kuyankhula chiganizo chachitali ngati njanji, anthu osasokera. Chingerezi chili ndi which mmodzi yemweyo wa mbuzi, wa fizi, wa ndondomeko ndi wa tsiku. Mu uthenga uja muli a which awiri, ndipo wowerenga azidziwira yekha kuti aliyense akuloza chiyani. Kumapeto kuli the said date, tsiku lanenedwalo, chonsecho nthawi zotchulidwa ndi ziwiri: kutha kwa teremu yapita ndi 6 Januwale. Khutu lozolowera Chichewa limafunafuna chingwe chija osachipeza.

Onjezanipo kukana. Liwu lakuti not lilimo katatu, ndipo unless nayenso ndi kukana kobisika, chifukwa tanthauzo lake ndi "ngati simunatero". Kukana kukaunjikana chonchi, ngakhale mwini chiyankhulo amabwerera m'mbuyo kukawerenganso.

Nanga chiganizo chotere timachidula bwanji? Cholakwika chimene anthu amayambira ndicho kutenga mpumiro n'kuuponya paliponse pamene pali mpatuliro. Ndibwereranso ku chimenechi. Njira imene ine ndimatsata imayamba n'kuchisiya kaye chiganizocho. Ndimatenga pepala lina n'kulemba, m'Chichewa momwe, mayankho a funso limodzi: ndani akuyenera kuchita chiyani, ndipo liti? Pa uthenga uja ndinapeza zinthu zisanu. Sukulu itsegulidwa pa 6 Januwale. Kholo la ngongole likhoza kulipira yonse. Likalephera, likhoza kupangana ndi msungichuma za malipiro a pang'onopang'ono. Msungichumayo asayine pepalalo, ndipo liperekedwe tsiku lisanapitirire. Zonse ziwiri zikakanika, mwana salowa kogona.

Taonani kuti m'ndandanda umenewu ochita zinthu aonekera. M'chiganizo choyamba chija munalibe munthu wogwira ntchito: ana sadzaloledwa, ndondomeko iperekedwe, makolo akudziwitsidwa. Aperekeyo ndani, kholo kapena mwana? Chingerezi cha m'maofesi chimakonda kubisa wochita, ndipo chiganizo chachitali chimathandiza kubisako. Mukangoyamba kudula mumakakamizika kutchula munthu pa chiganizo chilichonse, ndipo munthu woyenera kutchulidwa m'kalata yopita kwa kholo ndi "inu".

Kudula kumavumbulanso mabowo. Nditalemba chinthu chachinayi ndinaima: pepalalo liperekedwe kuti? Uthenga sukunena. Nanga amene wabwera ndi ndalama yonse m'mawa wa pa 6 pomwepo, alandiridwa? Sizikumveka. Ndinachita kuimba foni ku sukuluko, ndipo mayi wa mu ofesi anandiyankha mosavuta kuti pepala lipite ku ofesi kwawoko, ndipo ndalama amalandira ngakhale pa tsiku lotseguliralo. Iye ankazidziwa zonsezi, n'chifukwa chake sanaone kuti sizinalembedwe. Wodula chiganizo cha mwini wake asamayankhe yekha mafunso otere mongoganizira. Afunse, apo ayi alemba Chingerezi chomveka bwino chonena zabodza.

Ndiye pali masamu. Mawu akuti pasanapitirire masiku atatu tsiku lanenedwalo lisanafike akumupatsa wowerenga ntchito yochotsera, ali kale ndi ntchito yomasulira. Wolemba achotsere yekha: 6 kuchotsa 3, ndi pa 3 Januwale. Zina n'zongotaya. Kunena kuti makolo akudziwitsidwa sikuwonjezera kanthu, poti munthu akuwerenga kale. Kukumbutsa kuti ngongoleyo inayenera kulipidwa teremu yatha ndi kudzudzula chabe. Mwini ngongole amaidziwa kuposa ofesi. Zitatero, uthenga unatuluka chonchi:

"School opens on 6 January. Does your child still owe boarding fees? If so, you have two choices. You can pay the full balance on or before 6 January. Or you can agree a payment plan with the bursar. The bursar must sign the plan. Then bring the plan to the school office on or before 3 January. If you do not pay and you have no plan, your child cannot enter the hostel."

Ziganizo zilipo 8 tsopano, mawu 74. Inde, uthenga watalika, sunafupike. Anthu ambiri amadabwa nazo, poganiza kuti kufewetsa ndi kuchepetsa. Chachepa ndi katundu amene mutu ukusenza pa nthawi imodzi. Liwu lakuti plan ndalibwereza katatu pambuyo politchula koyamba, m'malo moika it, ndipo msungichuma ndamutchula kawiri motsatizana. Mphunzitsi wa chimangirizo akadandidula malikisi chifukwa chobwereza, koma kubwereza dzina ndiko kukulowa m'malo mwa chingwe chija chimene Chingerezi chilibe. Funso la pachiganizo chachiwiri nalonso lili ndi ntchito: kholo lopanda ngongole liyankha kuti ayi n'kusiya kuwerenga, osataya tulo. Ndipo njira zopulumukira zabwera patsogolo, chilango pambuyo, kuti mtima ukamagunda munthu akhale atadziwa kale chochita.

Chiganizo chomaliza ndicho chachitali kuposa zonse, mawu 16, ndipo ndachisiya dala chathunthu. Apa ndi pamene pagona luso lonse, ndiye tichedwepo pang'ono.

Tiyerekeze kuti wina wadula uthenga uja mwa njira yoponya mipumiro. Apeza ziganizo ngati izi: ana ena sanamalize fizi, sadzaloledwa kogona pa 6 Januwale, ndondomeko ya malipiro isayinidwe ndi msungichuma, iperekedwe masiku atatu tsikulo lisanafike. Chilichonse n'chachifupi, chilichonse n'chosavuta. Koma tanthauzo lafa. Tsopano uthenga ukunena kuti mwana wa ngongole salowa, basi, ndiponso ukuoneka ngati ukulamula kholo lililonse kubweretsa ndondomeko. Chachitika n'chakuti unless wagwera pansi podula, ndipo iyeyo ndiye ankamangirira chilango ku njira yochithawira. Timawu ta *ngati*, *chifukwa*, *koma*, *pokhapokha*, *kenako* ndi mfundo za chiganizo, ngati mfundo za nzimbe. Nzimbe amaidula pafupi ndi mfundo, koma amene akufuna kudzala amaonetsetsa kuti chidutswa chilichonse chatsala ndi diso lake. Lamulo ndi chimene chimalimasula ziyenera kukhala m'chiganizo chimodzi, kapena moyandikana kwambiri ndi liwu lolumikiza loonekera poyera. Mu uthenga wokonzedwawo, timawu ta If so, Or, Then ndi If tili koyambirira kwa ziganizo pa chifukwa chimenechi.

Izi si maganizo anga okha. Mu 1982, wofufuza wina dzina lake Eileen Blau anasindikiza zimene anapeza pakati pa ophunzira a ku Puerto Rico, amene chiyankhulo chawo ndi Chisipanishi. Anawapatsa nkhani zomwezo zolembedwa m'njira zosiyana, ndipo nkhani za tiziganizo tatifupitifupi sizinakhale zomveka kuposa zinzake monga anthu ankayembekezera. Ziganizo zotalikirapo koma zoonetsa bwino mmene mfundo zikulumikizirana zinawathandiza bwino ophunzira a ku koleji. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Mukachotsa *chifukwa* pakati pa mfundo ziwiri, mwampatsa wowerenga ntchito yoganizira yekha ubale wake, ndipo kwa munthu wa chiyankhulo chachiwiri ntchito imeneyi ndi yolemera kuposa kuwerenga mawu asanu owonjezera.

N'chifukwa chake ndimakayikira anthu odalira makina oyezera. Pulogalamu ya Microsoft Word ikhoza kukuwerengerani nambala yotchedwa Flesch Reading Ease. Anaipanga mu 1948 ndi Rudolf Flesch, amene anabadwira ku Vienna n'kusamukira ku Amerika ali wamkulu kale, kotero naye Chingerezi sichinali choyamwira. Muyeso wake umayang'ana zinthu ziwiri zokha: kutalika kwa ziganizo ndi kuchuluka kwa maphatikizo m'mawu. Liwu limodzi likawonjezeka pa utali wa chiganizo, nambala imatsika ndi 1.015. Ndiye mukadula mawu 62 aja kukhala zidutswa zinayi, nambala ikwera ndi pafupifupi 47, kaya mwadula pabwino kaya mwataya unless. Makinawo sadziwa kuti mbuzi yapita. Ntchito yake yabwino ndi kukulozerani ziganizo zoti muzionenso. Pa Chichewa musawayese n'komwe: liwu limodzi ngati *sindinakuuzeni* lili ndi maphatikizo asanu ndi awiri, ndipo muyesowo unena kuti nkhani ya mwana wa Sitandade 3 ndi yovuta ngati chikalata cha loya.

Komabe nambala zili ndi malo ake, ndipo amene anaziika mwamphamvu kwambiri ndi anthu a ndege. Amakaniko okonza ndege ali m'maiko onse, ambiri Chingerezi n'chachiwiri kwa iwo, koma mabuku a malangizo amabwera m'Chingerezi, ndipo kumva molakwika pamenepo ndi maliro. Choncho m'zaka za m'ma 1980 makampani a ndege a ku Ulaya anakonza malamulo a kalembedwe amene lero amatchedwa ASD-STE100. Chiganizo cholamula chochita chisapitirire mawu 20, chofotokozera chisapitirire 25, chiganizo chimodzi chikhale ndi lamulo limodzi pokhapokha ngati zinthu ziwirizo zichitike nthawi imodzi, ndime isapitirire ziganizo zisanu ndi chimodzi. Chosangalatsa n'chakuti malamulo omwewo amaletsa kufupikitsa chiganizo pomeza timawu ting'onoting'ono ngati the. Amadziwa kuti timawu timeneti ndi timene timaonetsa wowerenga pamene dzina likuyambira. Bungwe la ku Britain la Plain English Campaign, limene Chrissie Maher analiyambitsa mu 1979 pong'amba mafomu a boma pabwalo la pafupi ndi nyumba ya malamulo ku London, limalangiza kuti ziganizo zizikhala za mawu 15 mpaka 20 mukaziphatikiza n'kugawa. Ndiye kuti zina zazifupi, zina zazitali. Uthenga wanga uja uli pa mawu 9 ndi kakang'ono, zimene n'zoyenera pa foni pamene munthu akuwerenga ataimirira pamsika, koma lipoti la masamba khumi lolembedwa motero likhoza kutopetsa ngati kuyenda m'mizere ya munda mopingasa, ndipo wowerenga wamkulu amamva ngati mukumuyesa mwana.

Kudula kuli ndi malire enanso. Sikuchiza mawu ovuta: chiganizo cha mawu anayi chokhala ndi liwu lachilendo chimakhalabe chotseka. Pa pangano la lendi kapena la ngongole limene lasayinidwa kale, musasinthe mawu ake. Lembani kufotokoza kwachidule pambali, chifukwa pa mlandu woweruza adzawerenga chikalata chenichenicho, ndipo loya amadziwa chifukwa chimene nthambi ina anaimangirira pamene anaimangirira. Izi sizikupereka ufulu kwa olemba mapangano kuti azibisala m'ziganizo zazitali. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amasayina mapangano a nyumba ndi a katundu wa ngongole, lamulo loteteza ogula la 2008 limalamula kuti zikalata zopita kwa wogula zilembedwe m'chiyankhulo chosavuta chimene munthu wamba angachimve.

Cholepheretsa chachikulu kwathu kuno, m'kuona kwanga, ndi manyazi. Tinakula tikumva kuti wophunzira ndi amene amathyola Chingerezi chachikulu, ndipo kalata ya ofesi yopanda hereby imaoneka ngati yalembedwa ndi mesenjala. Mlembi amaopa kuti abwana akaona tiziganizo tatifupi adzati sadziwa ntchito. Wowerenga naye ali ndi manyazi ake: azakhali sanafunse aliyense pa gulu lija chifukwa sanafune kuoneka mbuli pamaso pa makolo anzawo, amene mwina theka la iwo anamvanso chimodzimodzi. Wina afunsa kuti bwanji osangolemba m'Chichewa. Ndikugwirizana naye, ndipo pamene n'kotheka ziyankhulo zonse ziwiri ziikidwe. Koma sukulu yogonera imalandira ana ochokera ku Karonga, ku Mangochi ndi ku Nsanje, ndipo makalata a boma, a banki ndi a mabungwe apitirizabe kubwera m'Chingerezi.

Mungadziwe bwanji kuti mwadula bwino? Osafunsa kuti "mwamva?", chifukwa Mmalawi waulemu ayankha kuti eya ngakhale asanamve kanthu. Mupatseni munthu wofanana ndi amene mukumulembera, awerenge kamodzi, atembenuze pepalalo, ndiye akuuzeni m'chiyankhulo chake chimene achite mawa m'mawa. Pamene wazengereza, kapena pamene wabwerera m'mbuyo ndi chala, pali nthambi imene simunaimasule kapena mlumikizi amene mwamutaya.

Ndinawayesa choncho azakhali ndi uthenga wokonzedwawo. Anawerenga milomo ikugwedera, n'kuika foni pamphasa. "Ndiye kuti njira n'ziwiri," anatero. "Kulipira yonse pofika pa 6, kapena kukaonana ndi wa ndalamayo, asayine, ndikasiye pepala ku ofesi pofika pa 3." Ndinavomera. Anatolanso foni ija, nayang'anitsitsa chiganizo chachisanu.

"Nanga ndondomekoyo ndilembe ndekha kuno, kapena ali ndi fomu yawo kumeneko?"

Funso limenelo sindinalifunse ku ofesi kuja. Ndinatuluka panja kukafuna netiweki kuti ndiimbenso.